Kukonza kuli pawiri: kaundula wa mawu omasulirira zikalata za kauniuni

[KANYIMBO KOTSEGULIRA]

 Lero ndikufuna ndicheze makamaka ndi inu amene mumamasulira zikalata za kauniuni kuchokera m'Chingerezi kupita m'Chichewa, komanso inu akapitawo ndi oyang'anira ntchito amene mumalandira zikalatazo kuti muzigwiritse ntchito. Nkhani yathu yagona pa liwu limodzi lomwe tonse timalidziwa kuyambira tili ana, liwu loti kukonza. Liwu limeneli linasowetsa anthu tulo pa fakitale ina yomwe ndinagwirako ntchito yomasulira, ndipo ndi lomwe linandiphunzitsa kuti gulu la omasulira lisamayambe ntchito lisanagwirizane mawu.

Tiyambe ndi kauniuni amene ndikunenayu, chifukwa ambiri tikamva za aodita timaganiza za ndalama. Palinso aodita ena amene sawerengera ndalama. Iwowa amabwera kudzaona ngati kampani ikugwiradi ntchito monga momwe inalembera kuti izigwirira, kuti katundu wake azituluka wabwino tsiku lililonse. Muyezo wotchuka kwambiri pa nkhaniyi ndi ISO 9001, wochokera ku bungwe la ISO lomwe likulu lake lili ku Geneva. Odita amawerenga zikalata, amafunsa antchito, amayang'ana makina, kenako n'kulemba lipoti. Lipotilo limabwera m'Chingerezi. Koma amene ayenera kuchitapo kanthu ndi mayi wosankha mtedza, mnyamata wa pasikelo ndi akapitawo awo, anthu amene tsiku lonse amalankhula Chichewa. Womasulira ndiye amaima pakati pa awiriwa.

Fakitale ndikunenayi inali yosankha ndi kulongedza mtedza m'matumba a makilogalamu 50. Omasulira tinalipo atatu, ndipo tinagawana mulu wa zikalata: wina buku lalikulu la kayendetsedwe ka ntchito, wina mafomu, ine malipoti. Aliyense anapita kwawo kukamasulira payekha.

Tsiku la kauniuni, odita anatola matumba 10 n'kuwayeza pa sikelo ina. Matumba 6 anapezeka opelewera, ena mpaka ndi magalamu 800. Atayang'ana kapepala komata pa sikelo yolongedzera, anaona kuti tsiku loti sikeloyo iyesedwenso linali litadutsa ndi miyezi 4. Analemba zimenezi, n'kusiya fomu yoti fakitale iyankhe. Fomuyo inali ndi mabokosi awiri. Pamwamba pa bokosi loyamba panalembedwa "correction", pamwamba pa lachiwiri "corrective action". Mnzanga amene anamasulira fomuyo analemba "kukonza" pa loyamba, ndi "njira yokonzera" pa lachiwiri. Ine m'lipoti ndinali nditalemba "kukonza zolakwika" pa mawu onse awiri. Mnzathu wachitatu m'buku lalikulu anali atalemba "kuchitapo kanthu".

Akapitawo anagwira ntchito yawo mokhulupirika. Anamasula matumba onse a sabata imeneyo, n'kuwonjezeramo mtedza. M'bokosi loyamba analemba kuti matumba onse awonjezeredwa. M'lachiwiri analemba kuti anagwiritsa ntchito sikelo ina. Anasayina.

Patatha miyezi 3 odita anabweranso, n'kufunsa mafunso awiri okha. Chinachititsa n'chiyani kuti tsiku loyesa sikelo lidutse wina aliyense osazindikira? Nanga mwachita chiyani kuti zisadzachitikenso? Panalibe yankho, ndipo nkhaniyo inakhalabe yosatsekedwa. Odita atachoka, akapitawo aja anandipeza panja, fomu ili m'manja, n'kunena kuti: "Achimwene, pepala lanuli linati ndikonze. Ndinakonza. Nanga mumafuna nditani?" Bambo amenewa sanalakwe kanthu. Anachita zomwe Chichewa chathu chinawauza.

Kusiyana kwa mawu awiri aja kuli chonchi. Denga likadontha, mumakolopa pansi kuti ana asaterereke. Kumeneko ndiye kukonza kwa m'bokosi loyamba: kuchotsa cholakwika chomwe chaoneka. Koma mvula ikabweranso mudzakolopanso, mpaka tsiku limene wina adzakwere padenga kukatseka pobooka. Kukwera padengako ndiye kwa m'bokosi lachiwiri: kuchotsa chimene chinayambitsa, kuti zisabwererenso. Ndime 10.2 ya ISO 9001 imafuna kuti kampani ichitepo kanthu pa chomwe chaonekacho, ndiponso iunike gwero lake. Ife tinaphimba ntchito ziwirizi ndi liwu limodzi, ndiye fakitale inakolopa pansi denga likudonthabe.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

Omvera, ngati mwangotsegula kumene wailesi, tikukamba za momwe gulu la omasulira lingapangire kaundula wa mawu, kuti zikalata za kauniuni zizilankhula chimodzi. Tsopano ndikufotokozereni zomwe tinachita titabwerera pansi.

Tinayamba n'kusonkhanitsa zikalata zonse za Chingerezi patebulo limodzi, aliyense pensulo m'manja, n'kumadula mzere kunsi kwa mawu. Pano pali msampha. Mtima umafuna kulemba liwu lililonse lovuta, ndipo posakhalitsa mumakhala ndi mawu mazanamazana amene palibe adzawatsegule. Kaundula si mtanthauziramawu. Tinagwirizana kuti liwu lilowe pokhapokha likayankha inde pa limodzi mwa mafunso awiri. Kodi liwuli likupezeka m'zikalata zoposa chimodzi, moti anthu awiri osiyana adzakumana nalo? Kodi likamveka molakwika, munthu adzachita chinthu cholakwika? Titasefa chonchi tinatsala ndi mawu 45, okwana pa masamba atatu, oti munthu n'kuwapachika pakhoma.

Chachiwiri ndiye mtima wa ntchito yonse. Musathamangire kufunsa kuti liwu ili m'Chichewa ndi chiyani. Yambani mwafunsa kuti liwu ili likutanthauza chiyani pakamwa pa odita. Mawu a kauniuni ali ndi matanthauzo omangika, ndipo analembedwa m'buku lina lotchedwa ISO 9000, lomwe linatuluka pamodzi ndi ISO 9001 ya mu 2015. Za kachitidwe ka kauniuni zili mu ISO 19011. Tinkawerenga tanthauzo m'menemo, n'kulifotokoza m'Chichewa chapafupi m'chiganizo chimodzi, osatchula n'komwe liwu lomwe tidzasankhe. Tikagwirizana tanthauzo, m'pamene tinkafunafuna dzina lake. Mukatsata njira imeneyi mumaona msanga pamene matanthauzo awiri akukanganirana dzina limodzi.

Ndikupatseni chitsanzo cha liwu limene linatitengera m'mawa wonse, loti "nonconformity". Tanthauzo lake ndi lalifupi: pali chinthu chimene chinafunika kutsatidwa, ndipo sichinatsatidwe. Chofunikacho chikhoza kuchokera mu muyezo, m'malamulo a dziko, kwa wogula katundu, kapena m'zomwe kampani inadzilembera yokha. Patebulo panabwera mawu anayi. Wina anati "vuto". Tinalikana chifukwa ndi lotambalala kwambiri: magetsi akazima ndi vuto, koma palibe chofunika chimene chaphwanyidwa. Wina anati "mlandu". Limeneli ndi loopsa, chifukwa mlandu umafuna woupalamula, ndipo wantchito akamva kuti odita wapeza milandu 5 amayamba kubisa mabuku. Kauniuni amayang'ana kayendedwe ka ntchito, sasaka munthu woti achotsedwe. "Cholakwika" linali pafupi, koma nalonso limaloza chala, ndiponso tinkalifuna m'ziganizo wamba. Tinakhazikika pa "chosemphana", zambiri "zosemphana", kutanthauza chosemphana ndi chimene chinafunika. Ndi liwu lofatsa, ndipo limadzutsa lokha funso loyenera: chasemphana ndi chiyani? Funso limenelo ndi lomwe odita wabwino amayankha m'lipoti lake.

Kwa mawu awiri a pafomu aja tinadziikira lamulo loti asafanane ngakhale pang'ono. Loyamba tinati "kukonza pomwepo". Lachiwiri tinati "kuchotsa gwero". Taonani kuti m'lachiwirili mulibe liwu loti kukonza. Tinachita dala, chifukwa munthu wotopa, wodzaza fomu dzuwa likulowa, sangaime kusiyanitsa "kukonza" ndi "kukonzeratu". Mawu awiri osiyana ntchito azimveka mosiyana m'khutu.

Ndiye pali timawu ting'onoting'ono timene omasulira ambiri saganiza kuti tingalowe m'kaundula, chonsecho ndi timene timanyamula mphamvu ya chikalata. Kumayambiriro kwa ISO 9001 anafotokoza timawu tinayi. "Shall" ndi lamulo. "Should" ndi langizo. "May" ndi chilolezo. "Can" ndi kuthekera. M'Chichewa cha tsiku ndi tsiku, "ayenera" amanyamula lamulo ndi langizo pamodzi, ndipo "angathe" amanyamula chilolezo ndi kuthekera. Pocheza palibe chovuta. Koma pa kauniuni, kusatsata lamulo ndi chosemphana, pomwe kusatsata langizo si chosemphana. Mukazisakaniza, fakitale idzawononga ndalama pa zinthu zomwe sizinalamulidwe, kapena idzanyozera zomwe zinalamulidwa. Tinagawa motere: lamulo ndi "ayenera", ndipo liwuli tinaliletsa kwina kulikonse. Langizo ndi "ndi bwino kuti". Chilolezo ndi "aloledwa". Kuthekera ndi "angathe".

Liwu lina lofunika kulisamala ndi "ndondomeko". Timalikonda, ndipo timalipatsa katundu yense. M'zomasulira zathu zoyamba linkaimira zinthu zinayi: mfundo za kampani, kayendedwe ka ntchito, pulani, ndi malangizo a momwe ntchito inayake igwiridwire. Odita akati ndionetseni ndondomeko yanu, munthu ankasowa kuti atenge fayilo iti. Tinalisiyira ntchito imodzi yokha, ya malangizo a kagwiridwe ka ntchito, zinazo n'kuzipatsa mayina awoawo.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

Kodi amasankha mawuwa ndani? Omasulira paokha sangathe. Patebulo pathu panali omasulira atatufe, mayi woyang'anira za ubwino wa katundu amene ankadziwa muyezo, ndi akapitawo omwe aja, amene ankadziwa zomwe zimanenedwa m'shedi. Iwowa ndi amene anatiletsa kupeka mawu pamene anthu ali nawo kale. Ife tinkavutika kufunafuna Chichewa chenicheni cha munthu wochita kauniuni, iwo n'kungoti: "Kunoko timati aodita." Tinalemba momwemo. Sikelo inakhala sikelo, fomu inakhala fomu, lipoti linakhala lipoti. Liwu lobwereka lomwe lakhazikika pakamwa pa anthu limagwira ntchito kuposa liwu lokongola lomwe munthu ayenera kuyamba waliphunzira.

Mukasankha, kayeseni. Ndipo poyesa musafunse kuti "mwamva?", chifukwa mwa ulemu wathu aliyense adzati eya. Tinkatenga chiganizo chimodzi, n'kupita nacho kwa antchito atatu amene sanakhale nawo pa zokambirana, aliyense payekha, n'kufunsa kuti: "Mayi, mutalandira pepala ili mawa m'mawa, mungachite chiyani?" Titawerengera mayi wina wosankha mtedza mawu oti kuchotsa gwero la kupelewera kwa matumba, anayankha kuti: "Ndiye kuti tifufuze kuti sikeloyo inayamba bwanji kunama." Pamenepo tinadziwa kuti liwulo lagwira. Anthu atatu akakupatsani mayankho atatu osiyana, bwererani patebulo.

Kalembedwe ka kaundulayo n'kosavuta. Ife tinagwiritsa ntchito Excel, koma ngakhale kope lojambulidwa mizere lingagwire ntchito. Tanthauzo lililonse lili ndi mzere wake, ndipo mzerewo uli ndi zipinda zisanu ndi chimodzi. Ndikuwerengereni mzere umodzi wathunthu. Chipinda choyamba, liwu la Chingerezi: "corrective action". Chachiwiri, tanthauzo ndi kumene lachokera: ntchito yochotsa chimene chinayambitsa chosemphana kuti chisachitikenso, kuchokera mu ISO 9000. Chachitatu, liwu lovomerezeka: kuchotsa gwero. Chachinayi, mawu oletsedwa: kukonza, njira yokonzera, kuchitapo kanthu. Chachisanu, chiganizo cha pafakitale pomwepo: pochotsa gwero, woyang'anira shedi wapatsidwa udindo woona masiku oyesa masikelo pa 1 mwezi uliwonse. Chachisanu ndi chimodzi, amene anavomereza ndi tsiku lake.

Chipinda chachinayi chija ndicho chimapulumutsa. Womasulira watsopano akabwera, liwu loyamba kumufikira m'mutu lidzakhala "kukonza", monga linatifikira ife. Akaliona pa mndandanda wa oletsedwa, amadziwa kuti ena analiganizira kale n'kulikana. Lembaninso zambiri za dzina lililonse, chosemphana ndi zosemphana, odita ndi aodita, ndiponso gwirizanani kalembedwe, kaya mudzalemba "mawu" kapena "mau", kuti pofufuza pa kompyuta musaphonye ena.

Kaundula akhale ndi womusunga mmodzi. Aliyense aloledwa kupempha kuti liwu lisinthe, koma wolemba kusinthako ndi mmodzi yekha, ndipo pamwamba pa tsamba pazikhala nambala ya kope ndi tsiku. Pakakhala makope atatu pa makompyuta atatu, mwabwerera kumene munachokera. Liwu likasintha, ntchito sinathe mpaka zikalata zonse zakale zomwe zili ndi liwulo zitasinthidwa, ndipo mafomu akale atachotsedwa m'madirowa ndi pakhoma. Ndime 7.5 ya ISO 9001 imafuna kuti zikalata zogwirira ntchito zizisungidwa mwadongosolo ndi kusinthidwa moyang'aniridwa, ndiye fomu yakale ya Chichewa yopezeka m'shedi ikhoza kukhala chosemphana chatsopano payokha.

Nanga mungadziwe bwanji kuti gulu likutsatadi kaundula? Pali kayesedwe kosafuna ndalama. Tsegulani chikalata, dinani Ctrl+F, ndipo musafufuze liwu lonse, fufuzani tsinde lake, chifukwa mawu a Chichewa amasintha kumutu ndi kumchira. Mukalemba "konz" mudzapeza kukonza, akonze, zakonzedwa ndi chokonzera, zonse pamodzi, ndipo paliponse muyerekeze ndi Chingerezi chake. Kenako werengani. Tiyerekeze kuti chikalata cha Chingerezi chili ndi "shall" malo 23. Mukafufuza "yenera" m'Chichewa n'kupeza malo 31, pali malo 8 ofunika kuwayang'ana: mwina ndi mawu wamba ngati "zoyenera", mwina wina wasandutsa langizo kukhala lamulo. Mukapeza malo 19, malamulo 4 asowa panjira, ndipo kumeneko ndiye koopsa kwambiri. Zizindikiro zina zimaonekera m'shedi. Mukaona mabokosi awiri a fomu akuyankhidwa ndi yankho lofanana, kapena kapitawo wodziwa Chingerezi akupempha kuti mum'patse fomu ya Chingerezi, dziwani kuti Chichewa chanu sichikumuthandiza.

Ndinenenso malire ake, kuti musadalire kaundula pa zomwe sangachite. Iye amagwirizanitsa mawu, koma samanga chiganizo. Munthu akhoza kugwiritsa ntchito mawu onse 45 molondola, chiganizo chake n'kukhalabe Chingerezi chovala Chichewa, chosamveka kwa aliyense. Choncho chikalata chilichonse chiwerengedwe mokweza ndi munthu wachiwiri. Manambala a ndime, manambala a mafomu ndi mayina a miyezo asamasuliridwe, kuti odita athe kulondola kuchokera pa pepala la Chichewa kubwerera pa la Chingerezi. Ndipo kaundula wa fakitale ya mtedza musangomunyamula kupita naye ku chipatala kapena ku kampani yomanga misewu. Matanthauzo adzakhala omwewo, koma mawu ayenera kuyesedwanso pa anthu a kumeneko.

Nditsirize ndi sikelo ija. Fomu yatsopano itafika, akapitawo anawerenga pamwamba pa bokosi lachiwiri, n'kuyamba kufunsa mafunso. Zinapezeka kuti amene ankasunga masiku oyesa masikelo anali kalaliki wina amene anasamutsidwira ku nthambi ina, ndipo ntchitoyo sinalembedwe pa udindo wa munthu aliyense. Inachoka naye limodzi. Gwero linali limenelo. M'bokosi loyamba analemba za matumba owonjezeredwa ndi sikelo yoyesedwanso. M'lachiwiri analemba kuti masiku a masikelo onse alembedwa pa tchati cha pakhoma, ndipo udindo wowayang'ana mwezi ndi mwezi waikidwa pa mpando wa woyang'anira shedi, kaya pampandopo pakhala ndani. Polemba tchaticho anapeza kuti sikelo yachiwiri, yomwe ija anathawirako, inali itatsala ndi masabata awiri okha kuti nayonso tsiku lake lidutse.

Ndiye inu amene mwalandira mulu wa zikalata sabata ino, musanagawane, khalani pansi m'mawa umodzi ndi kapitawo wanu. Yambani ndi mawu atatu: chosemphana, kukonza pomwepo, kuchotsa gwero. Onjezani timawu tinayi tija ta lamulo, langizo, chilolezo ndi kuthekera. Mukamvana pa mawu asanu ndi awiri amenewa, enawo adzabwera mosavuta. 

[KANYIMBO KOTSEKERA]